Uthenga wa Idi pachitseko cha golosale

Kukatsala masiku atatu kapena anayi kuti mwezi wa Ramadani uthe, pazitseko za magolosale ambiri ku Mangochi, pa Liwonde, pa Balaka, ku Salima ngakhalenso ku Limbe pamayamba kuoneka timapepala. Tina ndi tolemba pamanja pa chidutswa cha katoni ya sopo, tina ndi tosindikiza bwinobwino, tokhala ndi chithunzi cha kamwezi ndi nyenyezi. Mawu omwewo amayendanso pa foni, kuchoka kwa mwini golosale kupita kwa anthu amene amagula kwa iye tsiku ndi tsiku. Nkhani yake ndi imodzi: mwini sitolo akufunira makasitomala ndi anansi ake chikondwerero chabwino cha Idi.

Kungoyang'ana, ntchitoyi ndi yochepa, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi basi. Koma wolembayo ali ndi vuto limene mnzake wolemba uthenga wa Khirisimasi salidziwa. Akulengeza za tsiku limene ngakhale a Shehe a pamzikiti sangamuuze motsimikiza kuti ndi liti. Ndipo anthu amene akuwalemberawo sakungofuna mafuno abwino okha. Akufuna adziwe ngati mawa akapezeko mafuta ophikira.

Gwero la vutoli ndi kawerengedwe ka masiku. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wa kumwamba, osati dzuwa. Mwezi uliwonse umakhala ndi masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chonse chimakwana masiku 354 kapena 355, kuperewera masiku 10 kapena 11 poyerekeza ndi chaka cha pa kalendala ya boma. Tsikunso limayamba dzuwa likalowa. Madzulo a tsiku la 29 la kusala, anthu amaponya maso kumadzulo, chapansipansi pomwe dzuwa langolowera, kufunafuna kamwezi katsopano. Kakaoneka, ndiye kuti kusala kwatha, mawa ndi Idi. Kakapanda kuoneka, kaya chifukwa cha mitambo kaya chifukwa choti mwezi sunakhwime, anthu amasala tsiku limodzi lina kuti akwanitse 30, Idi nkukhala mkuja. Kamweziko sikachedwa kumwamba: nthawi zambiri sikatha ola limodzi kasanalowe. Choncho chigamulo chonse chimachitika m'kanthawi kochepa, usiku utayamba kale kugwa, golosale itatsala pang'ono kutsekedwa.

Zimene zinachitika mu 2025 zikuonetsa bwino mmene munthu angagwere m'mbuna. Loweruka pa 29 Malichi, mwezi watsopano unabadwa, monga mwa kuwerengera kwa akatswiri a zakuthambo, nthawi itatsala pang'ono kukwana 1 koloko masana kuno kwathu. Pamene dzuwa limalowa madzulo a tsikulo, mweziwo unali ndi maola pafupifupi asanu okha, pomwe diso la munthu silitha kuona mwezi umene sunakwanitse maola ngati 15. Kuno sukanaoneka ngakhale kumwamba kukanayera mbee. Komabe dziko la Saudi Arabiya linalengeza kuti Idi ili Lamulungu pa 30 Malichi, ndipo nkhaniyo inafika m'mafoni a anthu Loweruka lomwelo. Ku Joni, kumene kuli abale ambiri ochokera ku Mangochi ndi Machinga, anadikira kuona mwezi Lamulungu madzulo, nkudzaswali Lolemba pa 31 Malichi. Wagolosale amene akanathamangira kumata pepala loti "mawa ndi Idi, sititsegula" atangowerenga za ku Saudi akanatseka pa tsiku limene anansi ake ambiri anali asanamasule, tsiku lomwenso amayi amathamanga kugula zomalizira.

Kusiyana kotere kumachitikanso pakati pa Asilamu a dziko limodzi. Ena amadalira kuoneka kwa mwezi kuno kapena m'mayiko oyandikana nafe, ena amalandira uthenga wochokera kutali. Nchifukwa chake anthu amatchera khutu ku mabungwe akuluakulu a Asilamu, monga la MAM ndi la Asilamu a Kadiriya, ndiponso ku wayilesi ya Chisilamu, kuti amve chimene atsogoleri agamula. Wamalonda alibe udindo woweruza mkangano umenewu, ndipo akauyamba pa pepala lake ndiye kuti wataya theka la makasitomala. Chake ndi kutsata mzikiti umene amaswaliko, nkunena poyera kuti akutsata umenewo.

Njira imene amalonda ozolowera amagwiritsa ntchito ndi kulemba kawiri. Uthenga woyamba umatuluka kukatsala masiku angapo, ndipo umatchula masiku awiri onse. Wachiwiri umatuluka usiku umene mwezi waoneka, ndipo ndi waufupi kwambiri.

Tiyerekeze bambo wina amene ali ndi golosale pa malo ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi. Amagulitsa shuga, mpunga, mafuta, ufa wa tirigu, sopo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, komanso ndi ejenti wotumiza ndi kutapitsa ndalama pa foni. Ramadani ikanakhala ya mu 2025, Lachinayi akanamata pepala lonena motere:

"Kwa makasitomala athu onse, makolo, abale ndi alongo, ndi anansi athu a pano pamsika. Mwezi wa kusala ukupita kumapeto. Idi idzakhala Lolemba kapena Lachiwiri, malingana ndi kuoneka kwa mwezi komanso chilengezo cha kumzikiti kwathu. Tsiku la Idi golosale idzakhala yotseka m'mawa wonse, tidzatsegula 2 koloko masana. Usiku woti mawa ndi Idi tidzatseka mochedwa, 9 koloko. Ofuna kutapa ndalama zambiri atiuziretu. Zikomo potigula chaka chonse. Asilamu anzathu, Mulungu alandire kusala kwathu ndi kwanu. Anansi athu a mipingo ina, chisangalalochi ndi chathu tonse, mudzatipeze kunyumba. Idi Mubaraka."

Pepalali lili ndi mawu osafika 100, koma mzere uliwonse uli ndi ntchito yake, ndipo ndi bwino kuwaona umodziumodzi amene ali olemera.

Mzere wa masiku awiri aja ndiwo msana wa uthenga wonse. Amene si Msilamu akawerenga amadziwiratu kuti tsikulo lingasunthe, ndipo sadzanena kuti anamunamiza. Mawu oti "kumzikiti kwathu" akuteteza mwini golosale ngati mzikiti wa tsidya lina la msewu utaswali tsiku losiyana. Sananene kuti enawo alakwa. Wangonena kumene iye ali.

Nthawi yotsegula nayo ili ndi chifukwa chake. Swala ya Idi imachitika m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, kawirikawiri pabwalo lalikulu kapena mumzikiti waukulu wa deralo. Swalayo payokha si yaitali, ndi maraka awiri, kenako ulaliki. Chimene chimatenga nthawi ndi zotsatira zake: kupatsana moni, kukaona makolo, kuzonda odwala, ena kupita kumanda kukapempherera amene anatsogola, kenako chakudya cha masana. Wagolosale amene walemba kuti adzatsegula 10 koloko amakhala akudzinamiza yekha. Pa nthawi imeneyo adzakhala akadali mu mkanjo ndi mzuli kwa apongozi ake, kasitomala ataima pakhonde ndi botolo la mafuta m'manja. Kuli bwino kulemba 2 koloko nkutsegula 1 koloko, kusiyana ndi kulonjeza m'mawa nkudzatulukira madzulo. Amene akufuna kutseka tsiku lonse alembe choncho, ndipo ngati ali ndi mtima wabwino atchule kuti golosale ya mnzake yoyandikana nayo idzakhala yotsegula. Ambiri amaopa kutero poganiza kuti akupereka makasitomala kwa mpikisano. Koma kasitomalayo adzapita kumeneko ndithu, wauzidwa kaya sanauzidwe, ndipo kusiyana kwake nkwakuti wouzidwayo amapita osakwiya.

Za kutseka mochedwa usiku woti mawa ndi Idi, aliyense amene anagulitsapo m'dera la Asilamu ambiri akudziwa chifukwa chake. Mwezi ukangolengezedwa, msika umadzuka. Anyamata amathamangira kometetsa, atelala amagona pa makina kumalizitsa zovala za ana, amayi amakumbukira kuti mchere watha kapena kuti mafuta sakwanira mandasi ndi mpunga womwe. Malonda a maola atatu amenewo amatha kuposa a tsiku lathunthu. Apa ndi pamenenso nkhani ya ndalama za pa foni imavuta. Abale a ku Joni ndi a m'tauni amatumiza ndalama za Idi masiku omaliza, onse nthawi imodzi, ndipo ejenti wa kumudzi ndalama za m'manja zimamuthera msanga. Tsiku la Idi yotsatira Ramadani ndi tchuthi cha boma m'Malawi, mabanki satsegula, kotero kuti amene sanakonzekere alibe kokatenga zina. Kamzere koti "atiuziretu" kamathandiza mwini golosale kudziwa kuti akatenge zingati kubanki tsiku lomaliza la ntchito.

Pali chinthu china chimene wogulitsa mpunga kapena chimanga angawonjezere, ndipo chimathandiza kwambiri. Swala ya Idi isanachitike, mutu wa banja lililonse lopeza amayenera kupereka chopereka cha chakudya kwa osauka, chimene chimatchedwa Zakaati ya Fitiri. Amaperekera munthu aliyense wa pabanjapo, ndi khanda lomwe. Muyeso wake ndi wakale, wa m'nthawi ya Mtumiki, ndipo pa sikelo umagwera pakati pa makilogalamu awiri ndi theka ndi atatu a chakudya chimene anthu a deralo amadalira. Banja la anthu 6 ndiye kuti likufunika makilogalamu 15 mpaka 18. Cholinga chake ndi chakuti wosauka naye aphike tsiku la Idi, choncho chikaperekedwa swala itadutsa chimangokhala sadaka wamba. Wagolosale wanzeru amafunsa a Shehe muyeso umene alengeza chaka chimenecho, nkulongedzeratu timatumba ta muyeso womwewo, nkulemba pa pepala lija kuti tilipo. Apa sikelo iyenera kukhala yoona. Kuba magalamu 200 pa thumba la mpunga wa chopereka ndi kubera anthu awiri nthawi imodzi, wopereka ndi wolandira, ndipo m'mudzi nkhani yotere sichedwa kumveka.

Uthenga wachiwiri, wa usiku wa mwezi, sufuna luso. "Mwezi waoneka. Idi ndi mawa Lolemba. Lero titseka 9 koloko, mawa titsegula 2 koloko masana. Idi Mubaraka kwa nonse." Pa pepala la pachitseko, mwini golosale amangodula mzere pa tsiku limene lagwa nkusiya loonalo. Mwezi ukapanda kuoneka, uthenga umafunikabe, mwinanso koposa: "Mwezi sunaoneke, mawa tikusala ndipo titsegula monga mwa masiku onse. Idi ndi mkuja." Ambiri amaiwala umenewu, nkusiya makasitomala akuganiza kuti golosale ndi yotseka pa tsiku limene ili yotsegula.

Tsopano za anthu amene uthengawu ukuwalankhula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi oposa 17.5 miliyoni, Asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse. Ku Mangochi ndi ku Machinga ndiwo ochuluka, ku Nkhotakota, Salima, Balaka ndi Zomba aliponso ambiri, koma ku Lilongwe kapena ku Mzuzu wagolosale wachisilamu amapeza kuti ambiri mwa omugula ndi Akhirisitu. Ngakhale ku Mangochi komweko, mphunzitsi, namwino ndi wapolisi amene amagula pa ngongole mpaka kutha kwa mwezi kawirikawiri amakhala ochokera kwina. Pepala limodzi liyenera kulankhula ndi onsewa, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya.

Kuphonya kwina ndi kudzaza pepala ndi mawu a Chiarabu. Pakati pa Asilamu okhaokha, pemphero loti Mulungu alandire ntchito zabwino za onse limanenedwa m'Chiarabu, ndipo limamveka bwino pabwalo la swala. Likalembedwa pachitseko popanda Chichewa, mayi wa Mvano amene wabwera kudzagula shuga amangoona kuti pepalali si lake, osawerenganso mpaka pamene pali nthawi yotsegula. Kuphonya kwinanso ndi kwa amene amaopa kwambiri kukhumudwitsa anthu, nkulemba uthenga wopanda Idi nkomwe, wongoti "tikufunirani tchuthi chabwino". Umenewo ndi wozizira, ndipo Asilamu anzake amaona ngati akuchita manyazi ndi tsiku lake lomwe. Pepala la bambo wa pa msewu wa Liwonde lija lagawa bwino: mzere umodzi kwa osala anzake, mzere umodzi kwa anansi, zotsala zonse ndi za aliyense. Kumene Chiyao chili chiyankhulo cha pamsika, kuwonjezera "sikomo kwejinji" kumapeto kumafewetsa mitima ya agogo amene adzawerengeredwe pepalalo ndi zidzukulu.

Mawu oti "mudzatipeze kunyumba" asalembedwe mwamwambo chabe. Kwathu kuno munthu ukamuitanira chakudya amabweradi, ndipo amabwera ndi mwana. Wolemba mawuwa aonetsetse kuti mayi a kunyumba akudziwa, ndipo mpunga wathiridwa wokwanira. Mabanja ambiri amachita mosavuta: amatuma ana ndi mbale ya mpunga ndi nyama kwa anansi oyandikana nawo, mbaleyo nkudzabwerera pa Khirisimasi ili ndi kanthu. Pepala la pachitseko limangotsimikiza ubale umene mbale zija zinaumanga kale. Kwa anthu olemekezeka a pamalopo, monga a mfumu, a Shehe, abusa a mpingo woyandikana nawo, kapena mwini nyumba imene muli golosaleyo, pepala ndi foni sizikwanira. Kumeneko munthu amapita yekha, nkukapereka moni pamaso.

Anansi amayamikanso akachenjezedwa za phokoso. Kuyambira usiku wa mwezi mpaka nthawi ya swala, m'mizikiti mumamveka mawu otamanda ukulu wa Mulungu mobwerezabwereza, nthawi zina pa zokuzira mawu, ndipo m'madera ena a Chiyao anyamata amavina sikiri. Amene wangosamukira kumene m'deralo angadabwe. Mzere umodzi womuuza kuti usikuwo kudzakhala chisangalalo umachotsa kudandaula kusanabadwe.

Nanga mwini golosale akakhala kuti si Msilamu? Palibe chomuletsa kulemba, ndipo makasitomala ake achisilamu amakondwa akaona kuti wawakumbukira. Chofunika ndi kusadziyesa shehe. Asatchule tsiku mpaka atamva chilengezo, asakopere mawu a Chiarabu amene sakuwadziwa tanthauzo, ndipo alembe monga mnansi: "Kwa makasitomala athu achisilamu, tikukufunirani Idi yabwino pamodzi ndi mabanja anu. Ife tidzatsegula tsiku lonse." Mzere womalizawo ndi mphatso yeniyeni, chifukwa magolosale a Asilamu adzakhala otseka m'mawa. Ngati pamalopo amagulitsanso mowa kapena nyama ya nkhumba, uthenga wa Idi usakhale pa pepala limodzi ndi mitengo ya zinthu zimenezo. Kulemba kuti pa Idi mowa watsika mtengo ndi chipongwe, ngakhale wolembayo atakhala kuti sanalinge kutero.

Cholakwika chimene chimaseketsa anthu kwambiri ndi kusokoneza ma Idi awiri. Yotsatira Ramadani imagwa pa tsiku loyamba la mwezi wa Shawali, ndipo nkhani yake ndi kumasula kusala. Inayo, Idi ya nsembe, imabwera patatha masiku pafupifupi 70, pa tsiku la 10 la mwezi wa Haji, pamene amwendamnjira ali ku Maka. Imeneyi imakumbutsa za Ibrahimu, amene Akhirisitu amamudziwa kuti Abrahamu, ndi nkhosa imene inaphedwa m'malo mwa mwana wake. Masiku ano anthu ambiri amangotenga chithunzi chopangidwa kale pa foni, cholembedwa kuti Eid Mubarak, nkuikapo dzina la golosale. Chithunzicho chikakhala ndi nkhosa pamene anthu akumaliza kusala, aliyense amadziwa kuti mwini wake sanayang'ane chimene akutumiza. Chimodzimodzi kulemba kuti "Mulungu alandire kusala kwanu" pa Idi ya nsembe. Enanso amatumiza chithunzi cha chaka chatha, chaka cha Chisilamu chakale chili poonekera pakona.

Uthenga wa Idi ya nsembe ndi wosavuta pa nkhani ya tsiku, chifukwa mwezi umakhala utaoneka kale masiku pafupifupi 10 m'mbuyomo, ndipo wolemba atha kutchula deti mosaopa. Koma uli ndi zake. Idi imeneyi si tchuthi cha boma m'Malawi, choncho maofesi, masukulu ndi mabanki amakhala otsegula, ndipo kasitomala amene si Msilamu sayembekezera kupeza chitseko chotseka. Chenjezo liyenera kutuluka msanga. Kutsekako kumatalikanso, poti itatha swala pamabwera kuzinga, kusenda ndi kugawa nyama. Mbuzi kapena nkhosa imakwanira munthu mmodzi ndi banja lake, pomwe ng'ombe anthu 7 atha kusonkherana. Mbuziyo iyenera kukhala yokwanitsa chaka, ng'ombe zaka ziwiri, yopanda chilema choonekera ngati khungu kapena kutsimphina. Nyamayo mwachizolowezi imagawidwa patatu: ya pakhomo, ya abale ndi anansi, ndi ya osauka, ndipo akuluakulu ambiri a chipembedzo amalola kupatsako mnansi amene si Msilamu. Wagolosale amene akufuna kugawa nyama asalembe pachitseko kuti "kudzakhala nyama". Mbuzi imodzi ikasendedwa imatsala makilogalamu ochepa, ndipo pepala lotere limaitana mudzi wonse. Nyama imatumizidwa mwakachetechete, khomo ndi khomo.

Nkhani ya mavesi nayo ndi yofunika kuisamala. Ena amakonda kuyamba uthenga ndi ndime ya m'Kurani kapena dzina la Mulungu m'zilembo za Chiarabu. Pa foni palibe vuto lalikulu. Koma pepala la pachitseko moyo wake ndi wa sabata imodzi: mvula imalinyowetsa, mphepo imalimatula, limagwera pansi nkupondedwa, kapena mwana wa pa chipisi amalitola nkukulungira mbatata. Kwa Msilamu, mawu opatulika kufika pamenepo ndi chinthu chowawa. Nchifukwa chake ambiri odziwa amalemba mafuno awo m'mawu wamba pa mapepala ogawa ndi omata panja, ndipo ngati alemba mawu opatulika amamata mkati, pamwamba, nkudzachotsa okha Idi ikadutsa.

Chatsala ndi kope la ngongole, limene lili pansi pa kauntala ya golosale iliyonse. Mayesero amakhalapo oti, poti anthu onse awerenga pepalali, pansi pake palembedwe kuti "amene muli ndi ngongole bwezani Idi isanafike". Mwini golosale ali ndi zifukwa zomveka: akufuna ndalama zokapikulira katundu, ndipo akudziwa kuti sabata imeneyo anthu alandira za ku Joni. Komabe mzere umenewo umawononga zonse zili pamwamba pake. Wowerenga amaiwala mafuno abwino aja nkungokumbukira kuti anamukumbutsa ngongole pagulu, ndipo amene alibe ngongole amayamba kuyang'ana anzake. Ngongole ikumbutsidwe payokha, kwa mwini wake, masiku angapo m'mbuyo. Chiphunzitso cha Chisilamu chimalimbikitsa kumupatsa nthawi wangongole amene wapanikizika, ndipo amalonda ena amasankha masiku amenewa kufufuta tingongole ting'onoting'ono ta amasiye ndi okalamba. Amene wachita zimenezi asazilembe pachitseko. Amuuze mwini wakeyo chapansipansi, pamene palibe wina pa kauntala.

Kutsatsa malonda mu uthenga wa Idi si tchimo, bola kukhale ndi malire. Mzere umodzi wonena kuti mpunga wa Kilombero wafika, kapena kuti mafuta a malita awiri atsika mtengo mpaka tsiku la Idi, ndi thandizo kwa wogula. Mndandanda wa zinthu 20 ndi mitengo yake, mafuno abwino atapanikizidwa pakona, umenewo ndi malonda ovala mkanjo. Ndipo kutsitsa mtengo kukhale koona. Amayi amene amagula mafuta sabata iliyonse amadziwa mtengo wa dzana, ndipo amazindikira msanga ngati unakwezedwa Lolemba kuti "utsitsidwe" Lachisanu.

Poti chaka cha Chisilamu ndi chachifupi, Idi imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, nkuzungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Mu 2023 inali chakumapeto kwa Epulo, mu 2024 chakumayambiriro kwa Epulo, mu 2025 kumapeto kwa Malichi. Zaka zikubwerazi ikulowa mkatikati mwa dzinja, mu Febuluwale ndi Januwale, pamene mitambo imabisa mwezi kawirikawiri, nkhokwe zili pansi, ndipo ndalama zapita ku feteleza ndi fizi. Zimenezi zikhudza kalembedwe. Masiku awiri aja adzafunika kutchulidwa mosalephera, pepala lidzafunika kulowa m'pulasitiki, ndipo uthenga wodzaza ndi zithunzi za mbale zosefukira sudzamveka bwino kwa anthu amene akudya kamodzi pa tsiku. Timatumba ta chopereka tija ndi timene tidzakhale nkhani yaikulu pa pepalalo.

M'chaka cha 2000, Idi yomaliza Ramadani inachitika kawiri, koyamba mu Januwale, kachiwiri patangodutsa masiku ochepa chichitikireni Khirisimasi. Mwa kuwerengera kwa mwezi, zofanana ndi zimenezi zidzachitikanso mu 2033, pamene Idi yachiwiri idzagwe kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Chaka chimenecho wagolosale wa pa Liwonde adzafunika pepala limodzi lokhala ndi mafuno awiri, nthawi zotsekera ziwiri, ndi mpunga wokwanira zikondwerero zonse m'sabata imodzi.